Masekondi 30 amene amalekanitsa antchito awiri pa mzere umodzi

Munthu akadzuka m'mawa wa tsiku loyamba la mwezi n'kupeza maimelo anayi ofanana ndendende, onse ochokera kukampani imodzi, onse akumuuza ndalama zomwezomwezo zimene ayenera kulipira, amaganiza kuti wina kuofesi anadina batani kanayi. Nthawi zambiri palibe chala cha munthu chimene chinakhudzapo. Chimene chinachitika n'chakuti mapulogalamu anayi a kompyuta anagwira ntchito imodzi, aliyense akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ntchitoyo ndi yake yekha. Ndipo chimene chinawapatsa chikhulupiriro chimenecho ndi nambala imodzi yaing'ono imene wolemba pulogalamu anaisiya mmene anaipezera: masekondi 30.

Nambalayi imapezeka mu Amazon SQS, imene ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za kampani ya Amazon Web Services. Anaionetsa koyamba mu 2004, n'kuitsegulira aliyense mu 2006. SQS ndi mzere. Pulogalamu ina imaponyamo timauthenga tonena ntchito yofunika kuchitika, monga kukonza chikalata cha kasitomala wakutiwakuti, ndipo mapulogalamu ena, amene akatswiri amangowatcha antchito, amabwera kudzatenga timauthengato n'kugwira ntchitoyo. Antchito angakhale awiri, angakhale 200. Onse amapisa dzanja m'dengu limodzi.

Apa mpamene pamabuka funso limene aliyense wopanga mzere wotere amakumana nalo. Kodi wantchito akatenga uthenga, mzerewo uchite nawo chiyani?

Ukaufufuta nthawi yomweyo, ntchito ili pangozi. Wantchitoyo akafa pakati pa ntchito, kaya magetsi athima, kaya seva yatha memore, uthengawo wapita, ndipo palibe amene adzadziwe kuti chikalata china sichinakonzedwe. Ukausiya poyera mpaka ntchito ithe, wantchito wachiwiri aupeza pomwepo n'kuutenganso. SQS imadutsa pakati. Uthenga ukatengedwa sufufutidwa, koma umabisidwa kwa kanthawi, ndipo kutalika kwa kanthawiko kumalembedwa pa dzina loti `VisibilityTimeout`. Wantchito akamaliza nthawiyo isanathe, amauza mzere kuti ufufute uthengawo. Akapanda kubwera, uthengawo umaonekeranso kuti wina autenge.

Munthu akapanga mzere watsopano osasintha kanthu, nthawi yobisayi imakhala masekondi 30. Angathe kuiika paliponse kuyambira pa 0 mpaka maola 12.

Wantchito sapatsidwa uthenga, amabwereka

Kusamvetsa kumene kumabala mavuto ambiri n'koganiza kuti wantchito akalandira uthenga, ndiye kuti wauika m'thumba. Ayi. Wangoubwereka, ndipo nthawi yobweza yalembedwa kale. Masitepe ake ndi atatu. Wantchito amaitana `ReceiveMessage`. Mzere umam'patsa uthenga pamodzi ndi zilembo zambirimbiri zotchedwa `ReceiptHandle`, zimene zili ngati lisiti la kubwerekako. Akamaliza ntchito amaitana `DeleteMessage`, n'kuonetsa lisitilo.

Lisitili si dzina la uthenga. Dzina lake ndi `MessageId`, ndipo silisintha. Lisiti limakhala latsopano nthawi iliyonse imene uthengawo watengedwa, moti uthenga umodzi ukatengedwa katatu, pamakhala malisiti atatu osiyana. Amazon imanena poyera kuti pofufuta pamafunika lisiti laposachedwa kwambiri. Wofufuta ndi lisiti lakale angathe kulandira yankho loti zatheka, koma uthengawo osafufutika.

Chachikulu n'chakuti mzere suona chimene wantchito akuchita. Palibe chingwe chimene chimakhala cholumikiza awiriwa ntchito ili mkati. Wantchito amene wafa ndi wantchito amene akungochedwa, kwa mzere amaoneka chimodzimodzi: onse ali zii. Mzere umangoyang'ana wotchi. Nthawi ikakwana, suuza wantchito woyamba uja kuti asiye, ndipo ulibe njira yomuuzira. Umangotulutsa uthengawo poyera, iye n'kumapitiriza ntchito yake osadziwa kuti lisiti lake latha mphamvu.

Usiku wa kumapeto kwa mwezi

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene zimasokonekera, sekondi ndi sekondi. Pali kampani imene imatumizira makasitomala ake chikalata cha zimene agula ndi zimene alipira. Uthenga uliwonse pa mzere uli ndi nambala ya kasitomala ndi mwezi. Wantchito amawerenga zonse za kasitomalayo mu detabesi, amakonza fayilo ya PDF, amaitumiza pa imelo, kenako amafufuta uthenga. Masiku wamba zonsezi zimatha m'masekondi 8. Pa mzere pali masekondi 30 aja, ndipo kwa miyezi ingapo palibe amene wadandaula.

Kenako pafika usiku wa pa 31. Zikalata zonse zikufunika nthawi imodzi, detabesi yapanikizika, ndipo ntchito ya kasitomala wamkulu, wa nambala 4417, ikutenga masekondi 50.

Wantchito woyamba akutenga uthenga pa 23:00:00. Pa 23:00:30 iye adakali mkati mokonza PDF, koma nthawi yobisa yatha. Pa 23:00:31 wantchito wachiwiri, amene anali chilili kudikira ntchito, akuutenga ndi lisiti latsopano n'kuyamba pachiyambi. Pa 23:00:50 woyamba uja akumaliza, akutumiza imelo, akupempha kuti uthenga ufufutidwe. Lisiti lake ndi lakale. Ngati kufufutako sikugwira, pa 23:01:01 uthengawo ukuonekeranso, popeza masekondi 30 a wachiwiri nawonso atha, ndipo wachitatu akuutenga. Wachiwiri akumaliza pa 23:01:21 n'kutumiza imelo yachiwiri, nayenso ali ndi lisiti lakale m'manja.

Palibe wantchito ngakhale mmodzi amene walakwitsa kanthu pa zimene anauzidwa. Aliyense wagwira ntchito yonse bwinobwino. Koma palibe amene angamalize nthawi yake isanathe, chifukwa 50 ndi wamkulu kuposa 30, ndipo izi sizisintha ngakhale uthengawo utatengedwa kakhumi.

Choipa kwambiri n'chakuti vutoli limadzidyetsa lokha. Ntchito inachedwa chifukwa detabesi inapanikizika. Tsopano antchito awiri kapena atatu akufunsa detabesi yomweyo mafunso ofanana a kasitomala mmodzi. Detabesi ikulemedwa kwambiri, ntchito zimene zinkatha m'masekondi 25 zikufika pa 35, nazonso zikuyamba kubwerezedwa. Woyang'anira usiku umenewo akaona mzere ukutalika, chimene chimam'bwerera msanga m'mutu n'kuwonjezera antchito. Apo ndiye wathira parafini pamoto, chifukwa wantchito aliyense watsopano ndi dzanja linanso lodikira kutola uthenga umene wangoonekera.

Makampani ambiri amakhala ndi mzere wachiwiri, wosungirako mauthenga amene akanika, ndipo amaika nambala ya `maxReceiveCount` yonena kuti uthenga utengedwe kangati asanausamutsire kumeneko. Ikakhala 5, uthenga wa kasitomala 4417 ungatengedwe kasanu, kenako n'kukagwera ku mzere wa zokanika. M'mawa mwake injiniya akuupeza kumeneko ngati ntchito yolephera, pamene kasitomala ali ndi maimelo asanu. Injiniyayo akaubwezera pa mzere waukulu asanafufuze, imelo yachisanu ndi chimodzi inyamuka.

Wotchi imayamba pamene uthenga watengedwa

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale anthu amene anayeza ntchito yawo bwinobwino. `ReceiveMessage` imalola kutenga mauthenga mpaka 10 pa ulendo umodzi, ndipo ambiri amatero chifukwa Amazon imalipiritsa potengera kuchuluka kwa maulendo. Koma wotchi ya mauthenga onse khumiwo imayamba pa sekondi imodzimodzi, pamene atengedwa, osati pamene wantchito wayamba kugwira uliwonse.

Wantchito wa m'chitsanzo chija akatenga khumi tsiku wamba n'kumawagwira umodziumodzi, woyamba utha pa sekondi ya 8, wachiwiri pa 16, wachitatu pa 24. Wachinayi utha pa 32, mochedwa ndi masekondi awiri. Mauthenga asanu ndi awiri, kuyambira wachinayiwo mpaka wakhumi, aonekera poyera pa sekondi ya 30 adakali m'manja mwake. Mwini pulogalamu akayang'ana zolemba zake aona kuti ntchito iliyonse ikutenga masekondi 8 okha, ndipo adabwa kuti zobwerezazi zikuchokera kuti. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: wotenga khumi ayenera kuwerengera masekondi 80, kapena awagwire onse nthawi imodzi, kapena azitenga ochepa.

Nanga bwanji osangoika maola 12?

Munthu amene wapsa ndi masekondi 30 amathawira kumapeto enawo. Amaika ola lathunthu, ena maola 12, n'kupuma. Zobwereza zimathadi. Koma nthawi yobisa ili ndi ntchito ziwiri, ndipo iye wangoganizira imodzi. Nambala yomweyo ndi imene imanena kuti ntchito ya wantchito wakufa idikira nthawi yaitali bwanji isanapeze woitola.

Antchito amafa kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. Nthawi iliyonse imene kampani ikuika pulogalamu yatsopano, akale amazimitsidwa. Makina akachepetsedwa usiku pofuna kusunga ndalama, ena amazimitsidwa ali ndi ntchito m'manja. Wantchito akafa patangopita masekondi awiri atatenga uthenga wobisidwa kwa maola 12, uthengawo ukhala mumdima kwa maola 11 ndi mphindi 59. Ngati unali wa chikalata cha mwezi, mwina palibe chovuta. Ngati unali wotumiza nambala yachinsinsi kwa munthu amene waiwala pasiwedi, munthuyo anatopa kalekale n'kuchoka.

Palinso malire a nthawi imene SQS imasunga uthenga. Munthu akapanda kusintha, ndi masiku 4, ndipo sangapitirire masiku 14. Masiku 4 ndi maola 96. Uthenga umene ukulephera, wobisidwa maola 12 ulendo uliwonse, ungayesedwe kasanu ndi katatu kokha, kenako mzere uufufuta wokha popanda kufunsa aliyense.

Pa mizere ya mtundu wa FIFO, imene Amazon inayambitsa mu 2016 kwa ofuna kuti mauthenga azituluka motsatana ndendende, mtengo wake ndi wokulirapo. Kumeneko mauthenga amakhala m'magulu, gulu lililonse ndi `MessageGroupId` yake. Uthenga umodzi wa m'gulu ukakhala wobisidwa, otsatira ake a m'gulu lomwelo satuluka mpaka iwo utafufutidwa kapena kuonekeranso. Wantchito mmodzi wakufa amaimitsa gulu lonse kwa nthawi yonse yobisayo.

Kuyeza, osati kulota

Nambala yabwino imachokera pa kuyeza, ndipo choyeza si nthawi imene ntchito zambiri zimatenga. Masekondi 8 aja ndi amene ananamiza kampani ija. Chofunika ndi mchira: ntchito zochepa zimene zimachedwa kwambiri, pa tsiku loipitsitsa. Wantchito azilemba nthawi imene watenga uthenga ndi nthawi imene waufufuta, kwa mwezi wathunthu, kuphatikizapo usiku wa pa 31. Kuyezako kuyambire pa `ReceiveMessage` mpaka pa `DeleteMessage`, osati pa gawo lokonza PDF lokha, chifukwa kudikira seva ya imelo nakonso kumadya nthawi yomweyo.

Zolembazo zikaonetsa kuti ntchito 99 mwa 100 zimatha pasanathe masekondi 55, ndipo yochedwetsetsa inatenga 95, masekondi 120 ndi malo abwino oyambira. Wantchito wochedwa ali ndi mpata, ndipo ntchito ya wakufa idikira mphindi ziwiri zokha. Kusinthako ndi lamulo limodzi:

```
aws sqs set-queue-attributes \
  --queue-url "$URL" \
  --attributes VisibilityTimeout=120
```

Kuyeza kumeneku kuli ndi mnzake amene ambiri amamuiwala. Nambala 120 ili ndi tanthauzo pokhapokha ngati ntchito ili ndi malire ake. Pulogalamu ikamadikira seva ya imelo mpaka kalekale chifukwa palibe amene anaiuza nthawi yosiyira, palibe nthawi yobisa imene ingakwane. Ulendo uliwonse wopita kunja, kaya ku detabesi kaya ku seva ina, ukhale ndi malire, ndipo malire onsewo akaphatikizidwa akhale pansi pa nthawi yobisa. Wantchito amene waona kuti nthawi yamuthera ndi bwino adzisiyire yekha asanatumize kanthu.

Amene amagwiritsa ntchito AWS Lambda ngati wantchito ali ndi lamulo lachidule lochokera kwa Amazon: nthawi yobisa ikhale yosachepera kasanu ndi kamodzi malire a nthawi ya pulogalamuyo. Pulogalamu yololedwa kugwira masekondi 60 imafuna mzere wa masekondi 360. Chifukwa chake ndi chomwe chija cha mauthenga khumi. Lambda imatenga mauthenga m'malo mwa pulogalamu, ndipo ikapeza kuti malo oyendetsera adzaza imayesanso kangapo, wotchi ikuyenda.

Kupempha nthawi yowonjezera

Ntchito zina sizilola kuyezedwa motero. Kusintha vidiyo kuti ionetsedwe pa foni kungatenge masekondi 20 kapena mphindi 40, malinga ndi kukula kwake. Nambala imodzi singakwanire zonse ziwiri. Apa wantchito amachita zimene wobwereka wanzeru amachita: amapita kwa mwini wake nthawi isanakwane kukapempha kuti amuwonjezere.

```
aws sqs change-message-visibility \
  --queue-url "$URL" \
  --receipt-handle "$LISITI" \
  --visibility-timeout 120
```

Akatswiri amakutcha kugunda kwa mtima, chifukwa kumachitika mobwerezabwereza ndipo kukasiya ndiye kuti mwini wake wafa. Wantchito amatenga uthenga ndi masekondi 120, ndipo mphindi iliyonse kagawo kena ka pulogalamu kamaitana `ChangeMessageVisibility` kuti nthawi ikhalenso 120. Nambala yatsopanoyi imawerengedwa kuyambira pa nthawi ya pempholo, siwonjezeredwa pamwamba pa yotsala. Wopempha 120 pa sekondi ya 60 wabisa uthenga mpaka pa sekondi ya 180. Kupempha pakati pa nthawi, osati kumapeto kwenikweni, kumasiya mpata woti pempho limodzi likatayika pa netiweki, wantchito ayesenso nthawi isanathe.

Njirayi ndi imene imathetsa kukokanakokana kuja. Ntchito ya mphindi 40 imatetezedwa mpaka kumapeto, ndipo wantchito akafa, uthenga umaonekera pasanathe mphindi ziwiri.

Ili ndi malire ake, ndipo ayenera kudziwika. Maola 12 aja amawerengedwa kuyambira pamene uthenga unatengedwa, ndipo kuwonjezera sikuyambitsanso wotchi imeneyo. Ntchito yopitirira pamenepo iyenera kudulidwa m'zigawo. China chimene chimapweteka n'chakuti mtima ungamagunde mutu utaima. Kagawo kopempha nthawi kamayenda pakokha, choncho gawo logwira ntchito likakodwa penapake, iko kamapitirizabe kuuza mzere kuti zonse zili bwino, mpaka maola 12 atakwana. Wolemba pulogalamu wosamala amakauza kuti kasiye pakapita nthawi yakutiyakuti, kapena kazipempha pokhapokha ntchito ikaonetsa kuti yasuntha.

Lamulo lomweli lili ndi ntchito ina yokoma. Wantchito akaika 0, uthenga umaonekera nthawi yomweyo. Wantchito amene walandira chizindikiro cha `SIGTERM`, chomuuza kuti akuzimitsidwa, angabweze mauthenga onse amene sanawayambe, anzake n'kuwatola pompopompo m'malo modikira wotchi.

Maganizo amenewa sali ku Amazon kokha. Mu Google Cloud Pub/Sub nthawi yofanana nayo imayambira pa masekondi 10 ndipo sipitirira 600. Mu Azure Queue Storage ingafike masiku 7. Olemba Python amene amagwiritsa ntchito Celery pamodzi ndi Redis ali ndi `visibility_timeout` ya ola limodzi, ndipo ambiri amaidziwa tsiku limene aika ntchito yoti idzachitike pakatha maola atatu. Wantchito amaitenga n'kuisunga akudikira nthawi yake, ola limatha, ntchitoyo imaperekedwanso, ndipo nthawi ikakwana imachitika kangapo.

Mmene munthu angadziwire kuti ndi vuto ili

Zizindikiro zake n'zoonekeratu kwa amene akudziwa poyang'ana. SQS imawerenga kuti uthenga uliwonse watengedwa kangati, ndipo wantchito angapemphe nambalayo, `ApproximateReceiveCount`, pamodzi ndi uthengawo. Ikhale m'zolemba za ntchito iliyonse. Nambala 2 kapena 3 pa ntchito imene inalepheradi n'njoyembekezereka. Koma ikamaoneka pa ntchito zimene sizinalepherepo, wotchi ndi imene ikutha msanga.

Umboni wosatsutsika ndi `MessageId` imodzi yopezeka m'zolemba za antchito awiri, wachiwiri atayamba woyamba asanamalize, ndipo kusiyana kwa nthawi zawo zoyambira kuli pafupifupi ndendende ndi nthawi yobisa. M'chitsanzo chija kunali masekondi 31. Dzinali limathandizanso kusiyanitsa vutoli ndi lina lofanana nalo. Ngati maimelo awiriwo anachokera ku ma `MessageId` osiyana, cholakwa chili kwa woponya mauthenga, amene anaponya kawiri, ndipo kusintha nthawi yobisa sikuthandiza kanthu. Pa CloudWatch, `NumberOfMessagesReceived` ikamakwera kusiya `NumberOfMessagesSent` kumbuyo pa maola otanganidwa, mauthenga akuzungulira.

Zimene wotchi singachite

Apa m'pofunika kunena mosabisa, chifukwa anthu ambiri amasiyira nkhaniyi pa nambala. Ngakhale nthawi yobisa itasankhidwa mwaluso bwanji, silonjeza kuti ntchito ichitika kamodzi. Mzere wamba wa SQS umasunga uthenga pa maseva angapo kuti usatayike, ndipo Amazon imanena yokha kuti uthenga ufika kamodzi kapena kuposerapo. Mwa apo ndi apo ungaperekedwe kawiri ngakhale nthawi yobisa isanathe. Ndipo pa mzere wa mtundu uliwonse, ngakhale wa FIFO, pamakhala kampata pakati pa kutumiza imelo ndi kufufuta uthenga. Wantchito akafera pakampatako, ntchito yachitika koma mzere sukudziwa.

Choncho mpanda wachiwiri umamangidwa m'ntchito yenyeniyo, kuti ikabwerezedwa zotsatira zake zisabwerezedwe. Kampani ija ingakhale ndi tebulo mu PostgreSQL limene silola kasitomala ndi mwezi womwewo kulembedwa kawiri:

```
INSERT INTO zotumizidwa (kasitomala, mwezi)
VALUES (4417, '2025-03')
ON CONFLICT DO NOTHING;
```

Wantchito amene zolemba zake zalowa m'tebulo ndiye mwini ntchito. Amene wapeza kuti wina analemba kale amangofufuta uthenga n'kutenga wina. Detabesi ndi imene imaweruza, ndipo ngakhale awiri atafika pa sekondi imodzi, mmodzi yekha ndi amene angapambane.

Funso lovuta ndi lakuti alembe liti. Akalemba asanatumize, n'kufa pakati, wotsatira aona ngati zatheka ndipo imelo sipita. Akalemba atatumiza, n'kufa pakati, imelo ipita kawiri. Palibe dongosolo limene limatseka mbali zonse ziwiri, choncho kampani imasankha cholakwa chimene ingapirire. Pa chikalata cha mwezi, imelo yachiwiri kamodzikamodzi n'njopepuka kuposa kusowa kwake, ndiye kulemba pambuyo n'koyenera, bola wantchito aziyang'ana tebulo asanatumize. Pa ndalama nkhani imasintha. Kumeneko wantchito amalemba poyamba kuti malipiro ayambika, ndi nambala yapadera ya malipirowo, ndipo amatumiza nambala yomweyo kwa wolipiritsa ulendo uliwonse. Stripe, mwachitsanzo, imalandira nambala yotere pa `Idempotency-Key`, ndipo pempho lachiwiri lokhala ndi nambala yomweyo limangolandira yankho la loyamba, popanda kudula ndalama kachiwiri. Wantchito wopeza malipiro oyambika koma osatha sangoyerekeza, amabwerera kwa wolipiritsa ndi nambalayo.

Usiku wotsatira wa kumapeto kwa mwezi, kampani ya m'chitsanzo ili ndi masekondi 120 pa mzere, kugunda kwa mtima kwa mphindi iliyonse, ndi tebulo lija. Wantchito woyamba akutenga uthenga wa kasitomala 4417 pa 23:00:00. Detabesi yapanikizika kuposa mwezi watha, ndipo pa 23:01:00 iye adakali mkati, choncho akupempha 120 ena, uthenga n'kubisidwa mpaka 23:03:00. Pa 23:01:10 seva yake yatha memore ndipo pulogalamu yafa, PDF isanathe. Kwa mphindi imodzi ndi masekondi 50 palibe amene akuukhudza uthengawo. Pa 23:03:00 ukuonekera, ndipo wantchito wachiwiri akuutenga ndi `ApproximateReceiveCount` ya 2. Akuyang'ana m'tebulo, sakupezamo 4417 wa mweziwo, akukonza chikalata, akuyang'ananso, akutumiza imelo, akulemba m'tebulo, ndipo pa 23:03:58 akufufuta uthengawo ndi lisiti lake latsopano.